Disiki Ikuoneka mu Disk Management Koma Ilibe Chilembo: Mmene Mungaipatsire

Mwalowetsa hadi disiki kapena fulashi pa kompyuta. Kanyali kake kayaka, kompyuta yalira kusonyeza kuti yailandira, koma mukatsegula File Explorer simukuiona. Pa This PC pali C: basi. Anthu ambiri akafika apa amati disiki yafa. Ena amathamangira kuifomata, ndipo zithunzi za ukwati, makalata a sukulu ndi nyimbo zimene anasonkhanitsa kwa zaka zimapita chifukwa cha vuto limene likanatha m'mphindi ziwiri. Kabuku aka kakufotokoza za kompyuta za Windows 10 ndi Windows 11. Mawu amene mudzawaone pa sikirini tawalemba mmene amaonekera, kuti muziwazindikira mukakumana nawo.

Chimene chasowa ndi chilembo, osati mafayilo

Windows imadziwa disiki iliyonse imene yalumikizidwa, koma File Explorer imaonetsa zokhazo zimene zapatsidwa chilembo, monga D: kapena E:. Disiki yopanda chilembo ili ngati nyumba yopanda nambala pa khomo: katundu ali m'katimo bwinobwino, kungoti wobweretsa kalata sakudziwa poipezera.

Chilembocho sichilembedwa pa disiki. Chimasungidwa m'kompyuta imene mwalowetsamo disikiyo, n'chifukwa chake fulashi imodzimodziyo imakhala E: kunyumba koma G: pa kompyuta ya kuntchito. Choncho kupatsa disiki chilembo, kapena kuchichotsa, sikukhudza mafayilo anu ngakhale pang'ono.

Nthawi zambiri Windows imapereka chilembo yokha mukangolowetsa disiki. Imalephera kutero pa zifukwa zingapo. Mwina wina anachotsa chilembocho pa kompyutayo ndipo Windows ikukumbukirabe zimenezo. Mwina njira yoperekera zilembo yokha inazimitsidwa ndi pulogalamu ina yosamalira madisiki. Mwinanso chilembo chimene disikiyo inazolowera chatengedwa ndi chinthu china, kapena chigawo cha disikiyo chili ndi chizindikiro chouza Windows kuti ichibise. Zonsezi zimakonzeka. Koma pali madisiki ena amene alibe chilembo chifukwa ali ndi vuto lalikulu, ndipo pa amenewo kudina malo olakwika n'kumene kumawononga. Ntchito yaikulu, choncho, ndi kuwerenga zimene zalembedwa musanadine kalikonse.

Kutsegula Disk Management ndi kupeza disiki yanu

Dinani batani la Windows pa kiyibodi pamodzi ndi R. Pakabokosi kamene katuluke lembani izi, kenako dinani Enter:

```
diskmgmt.msc
```

Njira ina ndi kudina batani la Windows pamodzi ndi X n'kusankha Disk Management pa mndandandawo. Muyenera kukhala mutalowa ndi akaunti ya Administrator, yomwe pa kompyuta zambiri za pakhomo ndi ya mwini wake. Kukangotuluka kabokosi kolembedwa Initialize Disk musanachite chilichonse, dinani Cancel. Tifotokoza chifukwa chake kutsogoloku.

Musatanganidwe ndi mndandanda wa pamwamba. Yang'anani m'munsi, pamene disiki iliyonse ili ndi mzere wakewake: Disk 0, Disk 1, Disk 2. Kumanzere kwa mzere uliwonse kuli kabokosi konena kukula kwa disikiyo ndiponso ngati ili Online kapena Offline. Kumanja kuli zigawo zake. Chigawo chimene chili ndi kamzere kabuluu pamwamba ndi chokonzedwa kale. Chimene chili ndi kamzere kakuda ndi mawu akuti Unallocated ndi malo amene Windows ikuwaona ngati opanda kanthu.

Disiki yanu muizindikire ndi kukula kwake, koma dziwani kuti nambala ya pa sikirini imacheperapo poyerekeza ndi ya pa chikuto. Disiki ya 500 GB imaoneka ngati 465.76 GB, ya 1 TB imaoneka ngati 931.51 GB, ndipo fulashi ya 32 GB imakhala pafupi ndi 29 GB. Palibe chimene chasowa. Opanga madisiki ndi Windows amawerenga mosiyana. Ngati mukukayikabe, zulani chingwe cha disikiyo muone mzere umene uchoke, kenako bwezerani. Mzere ukapanda kubwerera wokha, pitani pa Action n'kudina Rescan Disks. Musapitirire musanatsimikize kuti mzere umene mukuyang'anawo ndi wa disiki yoyenera.

Chitsanzo: disiki yochokera mu laputopu yakufa

Titenge nkhani imene imachitika m'makomo ambiri. Laputopu yakale yasiya kuyaka, koma munali zithunzi za banja ndi makalata ofunika. Wokonza makompyuta wachotsamo hadi disiki ya 500 GB n'kuiika m'kabokosi kokhala ndi chingwe cha USB, kuti muziilowetsa pa laputopu ina. Mwailowetsa, koma pa This PC palibe chatsopano.

Mu Disk Management mukupeza Disk 0, yomwe ndi ya laputopu imene mukugwiritsa ntchitoyo ndipo ili ndi C:. Pansi pake pali Disk 1, yolembedwa Basic, 465.76 GB, Online. Ili ndi zigawo zitatu, zonse zopanda chilembo. Choyamba n'chaching'ono, cha 100 MB, cholembedwa Healthy (EFI System Partition). Chapakati ndi chachikulu, pafupifupi 465 GB, cholembedwa NTFS ndi Healthy. Chomaliza ndi cha pafupifupi 500 MB, cholembedwa Healthy (Recovery Partition).

Pa zitatuzi, chofunika chilembo ndi chimodzi chokha, chapakaticho. Kachigawo ka EFI ndi kamene kankayatsa Windows pa laputopu yakale ija, ndipo ka Recovery ndi kosungira zida zoikonzera ikasokonekera. Tonse tiwiri tinapangidwa dala kuti tisakhale ndi chilembo, ndipo mulibe chithunzi chanu ngakhale chimodzi. Mudzationanso pa Disk 0. Tisiyeni mmene tilili.

Zizindikiro ziwiri ndi zimene zikukuuzani kuti chigawo chapakati chili bwino: mawu akuti NTFS, amene akusonyeza kuti Windows ikutha kuwerenga kasanjidwe ka mafayilo ake, ndi mawu akuti Healthy. Pa fulashi kapena memole khadi mungaone FAT32 kapena exFAT m'malo mwa NTFS. Zonsezo n'zabwino chimodzimodzi.

Tsopano ikani mausi pa chigawo chapakaticho, m'kati mwa bokosi lake lenilenilo osati pa mawu akuti Disk 1, n'kudina batani lakumanja. Pa mndandanda umene utuluke sankhani Change Drive Letter and Paths. Samalani dzanja apa, chifukwa Format ili pansi pake penipeni, ndipo Delete Volume siili kutali. Kabokosi kamene katseguke kadzakhala kopanda kanthu m'kati, popeza chigawocho chilibe chilembo. Dinani Add, onetsetsani kuti kadontho kali pa Assign the following drive letter, sankhani chilembo pa kamndandanda kakumanja, tinene M, ndipo dinani OK. Nthawi yomweyo chigawocho chisintha n'kukhala ndi (M:) pa dzina lake. Kompyuta simufunika kuizimitsa. Tsegulani File Explorer, ndipo disiki ija muipeza pa This PC.

Mukalowa mu M: musadabwe kuona mafoda a Windows ndi Program Files m'malo mwa zithunzi zanu. Imeneyi inali C: ya laputopu yakale. Zanu zili mu foda ya Users, m'kati mwa foda yokhala ndi dzina limene munkalowera nalo, ndipo mmenemo muli Desktop, Documents, Downloads ndi Pictures. Poyamba Windows ikhoza kukuuzani kuti You don't currently have permission to access this folder. Dinani Continue n'kudikira. Ngati mafayilo ndi ambiri, kamzere kobiriwira kamayenda pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo. Musazule chingwe pa nthawi imeneyo.

Foda ikatseguka, yambani ndi kukopera zofunika kwambiri kupita pa laputopu yatsopano kapena pa disiki ina. Ine ndimalangiza kuti zimenezi zichitike tsiku lomwelo, nyimbo ndi mafilimu zibwere pambuyo. Disiki yochokera mu laputopu imene inafa yagwira kale ntchito zaka zambiri, ndipo palibe amene angakutsimikizireni kuti mawa idzazungulirabe.

Pali chinthu chimodzi chimene chingakutsekerezeni ngakhale chilembo mwapereka. Disikiyo ikaoneka ndi kaloko pa This PC, ndiye kuti inatsekedwa ndi BitLocker, ndipo malaputopu ambiri atsopano amadzitseka chonchi mwini wake osadziwa. Pamafunika kiyi yake ya manambala 48, yomwe kawirikawiri imapezeka mu akaunti ya Microsoft imene mwini laputopuyo ankagwiritsa ntchito. Chilembo sichitsegula loko ameneyu.

Musankhe chilembo chiti?

Zilembo zilipo 26, koma A ndi B zinali za madisiki ang'onoang'ono akale aja ndipo Windows siizipereka yokha, pomwe C ndi ya Windows yeniyeniyo. Kamndandanda kosankhira kaja kamaonetsa zilembo zimene sizinatengedwe pa nthawiyo.

Kwa disiki imene mumailowetsa ndi kuizula, pewani D, E ndi F. Windows ikaona fulashi yatsopano imaipatsa chilembo choyambirira chimene chilipo, ndiye ngati disiki yanu ndi E: koma lero mwana wayamba kulowetsa fulashi yake, fulashiyo itenga E: ndipo yanu ikabwera ipeza malo atengedwa. Makompyuta ena okhala ndi polowetsera memole khadi nawo amasungira zilembo zoyambirirazi malo olowetserawo ngakhale mulibe khadi. Zilembo za kumapeto, monga Z ndi Y, m'maofesi zimakonda kupatsidwa mafoda a pa netiweki. Zapakati, kuyambira M mpaka T, sizikhala ndi mpikisano, ndipo disiki yanu izibwerera pa chilembo chomwecho nthawi zonse pa kompyuta imeneyo.

Kusintha chilembo chimene chilipo kale ndi nkhani ina. Mukadina Change m'malo mwa Add, Windows imachenjeza kuti Some programs that rely on drive letters might not run correctly. Chenjezo limeneli ndi loona. Pulogalamu imene inaikidwa pa D: imayang'ana mafayilo ake pa D:, ndipo mukasintha kukhala M: imasiya kutseguka. Pa disiki yongosungira zithunzi ndi makalata mukhoza kudina Yes mtima uli m'malo. Pa chigawo chimene pali mapulogalamu, chisiyeni chilembocho.

Pamene chilembo si mankhwala

Tsopano tibwere ku madisiki amene akuoneka mosiyana ndi chitsanzo chija. Apa m'pamene mafayilo amatayikira, ndiye werengani mofatsa.

Kabokosi kakumanzere kakalembedwa Offline, vuto ndi laling'ono. Dinani batani lakumanja pa mawu akuti Disk 1 n'kusankha Online. Nthawi zambiri chilembo chimabwera chokha, ndipo chikapanda kubwera chipatseni monga tafotokozera. Zimenezi zimachitika kwambiri ndi disiki imene inakoperedwa yathunthu kuchokera ku ina, chifukwa ziwirizo zimakhala ndi nambala yozizindikiritsa yofanana ndipo Windows imaimitsa imodzi. Ngati cholinga chanu ndi kudzayatsira kompyuta ndi disiki yokoperedwayo, musaiike Online pamodzi ndi inzake, chifukwa Windows idzasintha nambalayo ndipo disikiyo ingakane kuyatsa kompyuta.

Chigawo chikalembedwa RAW pamalo pamene payenera kukhala NTFS, ndiye kuti Windows ikulephera kuwerenga kasanjidwe ka mafayilo. Zimenezi zimabwera disiki ikazulidwa ili m'kati molemba, magetsi akazima mwadzidzidzi pa kompyuta yopanda batire, kapena disikiyo ikayamba kutha. Chilembo mukhoza kuchipereka, koma mukadina disikiyo mudzangolandira uthenga wakuti You need to format the disk, wokhala ndi batani la Format disk. Dinani Cancel. Nthawi zambiri mafayilo amakhala akadalimo ndipo pali mapulogalamu otha kuwatulutsa, koma chilichonse chimene mwalemba pa disikiyo kuyambira pamenepo chimachepetsa mwayi wowapeza. Izuleni, muisunge mpaka mutapeza wodziwa kubweza mafayilo, ndipo mumuuze momveka kuti asaifomate.

Mukaona Unknown ndi Not Initialized kumanzere, kapena disiki yonse ili ndi kamzere kakuda ka Unallocated, dzifunseni funso limodzi: kodi disiki imeneyi inasungapo zinthu? Ngati ndi yatsopano, yongotuluka m'paketi, palibe chodetsa nkhawa. Dinani batani lakumanja pa dzina lake, sankhani Initialize Disk ndi GPT, kenako pa malo akudawo sankhani New Simple Volume. Mafunso amene atsatire akupatsani mwayi wosankha chilembo ndi kuifomata, ndipo ikhala yokonzeka. Koma ngati dzulo munali mafayilo, musadine Initialize Disk kapena New Simple Volume, chifukwa zonse ziwiri zimalemba pa disiki. Yambani mwakayikira chingwe ndi mphamvu ya magetsi. Yesani chingwe china, yesani polowetsera pena, ndipo pa kompyuta ya padesiki gwiritsani ntchito polowetsera pa kumbuyo. Madisiki aakulu ochokera m'makompyuta a padesiki amafuna magetsi a mavoti 12 kuchokera ku adaputala yawoyawo; chingwe cha USB chokha sichingawazungulitse. Disiki ikamalira kuti khe khe khe mobwerezabwereza, izuleni msanga, chifukwa kuipitiriza kumaonjezera kuwonongeka.

Palinso chigawo chimene chimalembedwa Healthy koma osaonetsa NTFS, FAT32 kapena exFAT, ndipo mukadina batani lakumanja, Change Drive Letter and Paths imakhala yotuwa, yosadinika. Kawirikawiri imeneyi ndi disiki yochokera ku kompyuta ya Mac kapena ya Linux, kapena imene inafomatidwa ndi wailesi yakanema yojambula mapulogalamu. Disikiyo ilibe vuto. Windows ndi imene siidziwa kasanjidwe kameneko. Ibwezereni pa makina amene inachokera, mukoperereko mafayilowo pa fulashi ya exFAT, yomwe Windows ndi Mac zonse zimawerenga. Batani la Delete Volume limakhala lodinika pa chigawo choterechi, ndipo ambiri amalidina poganiza kuti ndi njira yokhayo yatsala.

Disk Management ikakana: kugwiritsa ntchito diskpart

Nthawi zina chigawo ndi cha NTFS, chili Healthy, koma Disk Management ikukana kupereka chilembo. Windows ili ndi chida china chogwira ntchito yomweyo pogwiritsa ntchito malamulo olemba. Dinani batani la Windows ndi R, lembani `diskpart`, dinani Enter, ndipo mukafunsidwa chilolezo sankhani Yes. Pa windo lakuda limene litseguke lembani:

```
list volume
```

Mudzaona mndandanda wa zigawo zonse za pa kompyutayo. Pansi pa Ltr pali zilembo, pansi pa Fs pali NTFS kapena FAT32, pansi pa Size pali kukula. Pezani mzere umene uli ndi kukula kwa chigawo chanu koma pa Ltr palibe kanthu. Tinene kuti ndi Volume 4, ya 465 GB. Nambala imeneyi si yofanana ndi ya Disk 1 ija, ndipo imatha kusintha mukalowetsa kapena kuzula madisiki, choncho iwerengeni pa sikirini yanu nthawi iliyonse. Kenako lembani mizere iyi umodziumodzi, kudina Enter pakutha pa uliwonse:

```
select volume 4
assign letter=M
```

Zikatheka, mudzaona mawu akuti DiskPart successfully assigned the drive letter or mount point. Zikakanika, kapena chilembo chikabwera koma disiki osaonekabe, funsani zizindikiro za chigawocho:

```
attributes volume
```

Pa mayankhowo yang'anani mizere iwiri, wa Hidden ndi wa No Default Drive Letter. Woyamba ukakhala Yes, chigawocho chinabisidwa; wachiwiri ukakhala Yes, Windows inauzidwa kuti isachipatse chilembo yokha. Zichotseni chonchi, kenako bwerezani lamulo lopereka chilembo lija ngati chinali chisanabwere:

```
attributes volume clear hidden
attributes volume clear nodefaultdriveletter
```

Mukamaliza lembani `exit`. Chida chimenechi sichifunsa kawiri ngati mukutsimikiza. Lamulo la `clean` limachotsa zigawo zonse za disiki imene yasankhidwa m'kanthawi kochepa, ndipo limatchulidwa m'malangizo ambiri okonzera fulashi. Pa vuto la chilembo lilibe ntchito, pamodzi ndi `format` ndi `delete`.

Chilembo chikamasowa nthawi iliyonse

Ngati mwapereka chilembo lero, koma disiki iliyonse yatsopano imene mwalowetsa ikufunanso kuti muipatse pamanja, vuto lili pa kompyuta osati pa madisikiwo. Tsegulani `diskpart` monga poyamba n'kulemba `automount`. Yankho likatha ndi mawu akuti disabled, ndiye kuti Windows inaletsedwa kupereka zilembo yokha. Yatsaninso ndi lamulo ili:

```
automount enable
```

Zulani disikiyo bwinobwino kudzera pa Eject, zimitsani kompyuta n'kuiyatsanso, kenako ilowetseni. Ngati vutoli likuchitika pa disiki imodzi yokha pomwe zina zikulandira zilembo, bwererani pa `attributes volume` mukaone mzere wa No Default Drive Letter. Mukaupeza uli No koma chilembo chikusowabe, kapena disikiyo ikumaoneka ndi kusowa mu Disk Management ili yolumikizidwa, sinthani chingwe kapena kabokosi kake, ndipo muiyese pa kompyuta ina kuti mudziwe ngati vuto likuitsatira.